Phindu M'buku, Thumba Lopanda Kanthu: Kalembedwe ka Chidule cha Lipoti la Kampani Yosowa Ndalama

Pa 15 Januwale 2018, kampani ya zomangamanga ya Carillion, yomwe likulu lake linali ku Wolverhampton m'dziko la Britain, inagwa. Inali yachiwiri pa kukula mwa makampani omanga m'dzikolo, ndipo inali ndi antchito pafupifupi 43,000 m'mayiko osiyanasiyana. Tsiku limene inkagwa, ngongole zake zonse zinali pafupifupi mapaundi 7 biliyoni, koma ndalama zimene inali nazo pamanja zinali mapaundi 29 miliyoni okha. Chodabwitsa n'chakuti m'mwezi wa Malichi 2017, miyezi khumi yokha m'mbuyomo, kampani yomweyi inalengeza kuti m'chaka cha 2016 inapeza phindu la mapaundi pafupifupi 147 miliyoni msonkho usanachotsedwe.

Nkhani ngati iyi ikachitika pamalembedwa malipoti ataliatali. Ophunzira za ndalama amapatsidwa ntchito yofufuza chomwe chinachitika, ndipo ogwira ntchito m'mabanki amalembera akuluakulu awo. Lipoti lotere limatha kukhala la masamba makumi anayi, koma patsogolo pake pamakhala tsamba limodzi lomwe limanena mwachidule zonse zofunika. Nthawi zambiri tsamba limeneli ndi lokhalo lomwe bwana kapena membala wa bodi amawerenga asanalowe mu msonkhano. Likasanjidwa bwino, wowerenga amadziwa zinthu zitatu asanafike pansi: chimene chinachitika, umboni wake, ndi zoyenera kuchita. Tigwiritse ntchito mabuku a Carillion a 2016 poona m'mene tsambalo limamangidwira.

Yambani ndi yankho

Olemba ambiri amayamba chidule ndi mbiri ya kampani: inayamba liti, imachita chiyani, ili ndi nthambi zingati. Ena amayamba ndi kufotokoza zomwe lipotilo likambe, mutu ndi mutu. Zonse ziwiri zimamudyera nthawi wowerenga. Iye wabwera ndi funso limodzi, ndipo ziganizo ziwiri zoyambirira ziyenera kuliyankha.

Pa nkhani ya Carillion funso ndi lakuti: kampani yolengeza phindu ndalama zinaithera bwanji? Yankho likhoza kulembedwa motere: kampaniyo inkalemba m'mabuku ndalama zimene inkayembekezera kulandira pa makontrakiti, zomwe zambiri sizinabwere, ndipo mpata umenewo inkautseka ndi ngongole komanso pochedwa kulipira amene ankaigulitsa katundu ndi kuigwirira ntchito. Chiganizo chimenechi ndiye msana wa tsamba lonse. Nambala iliyonse yolowa m'chidule iyenera kuchitira umboni chiganizocho. Imene sikutero ikakhale m'kati mwa lipoti.

Apa wolemba ayenera kusiyanitsa mavuto awiri amene anthu amawasokoneza. Loyamba ndi kusowa ndalama zolipirira ngongole zomwe nthawi yake yakwana, ngakhale kampani ili ndi chuma chambiri. Lachiwiri ndi pamene ngongole zonse zaposa chuma chonse. Taganizani za mwini golosale amene wapereka shuga ndi sopo pa ngongole kwa anthu ambiri. M'buku mwake phindu likuoneka, koma m'kabati mulibe ndalama yokapikulira katundu mawa. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wapachala ngwamphepo. Ngati okongolawo alipira sabata yamawa, vuto lake ndi la nthawi chabe, ndipo kubwereka pang'ono kungamupulumutse. Ngati sadzalipira konse, ndiye kuti phindu la m'bukulo kunalibe, ndipo kumubwereketsa ndi kutaya ndalama. Chidule chiyenera kunena poyera kuti kampani ili pa vuto liti mwa awiriwa, chifukwa mankhwala ake ndi osiyana.

Reshiyo yoyamba, ndi malire ake

Umboni wa m'chidule umachokera ku mareshiyo. Reshiyo ndi nambala imene imapezeka tikagawa nambala ina ya m'mabuku ndi inzake, kuti tione kukula kwa chinthu chimodzi poyerekeza ndi china. Yodziwika kwambiri pa nkhani ya kusowa ndalama ndi karenti reshiyo. Timatenga chuma chonse chimene chikuyembekezeka kusanduka ndalama m'chaka chimodzi, monga ndalama za kubanki, katundu wa m'nkhokwe ndi ngongole zomwe makasitomala ali nazo kwa kampani, n'kuchigawa ndi ngongole zimene kampaniyo iyenera kulipira m'chaka chomwecho.

Pa 31 Disembala 2016, chuma chotere cha Carillion chinali mapaundi pafupifupi 2,270 miliyoni, ndipo ngongole zolipira m'chaka zinali pafupifupi 2,220 miliyoni. Tikagawa timapeza 1.02. Tanthauzo lake n'lakuti pa paundi iliyonse imene kampani inayenera kulipira, inali ndi paundi imodzi ndi kakobiri pamwamba. Si nambala yosangalatsa, koma si yochititsanso mantha, chifukwa makampani ambiri omanga amayenda ndi reshiyo yapafupi ndi 1.

Wolemba wina amawonjeza kwiki reshiyo, imene imachotsa katundu wa m'nkhokwe chifukwa amatenga nthawi kuti agulitsidwe. Kwa kampani yogulitsa zovala kapena mipando, kuchotsa kumeneku kumasintha zinthu kwambiri. Kwa Carillion katundu wa m'nkhokwe anali wosakwana mapaundi 80 miliyoni, choncho reshiyo imangotsika kufika pa 0.99. Nambala yatsopanoyi siyikuwonjezera nzeru ina iliyonse, ndipo ilibe malo pa tsamba limodzi. Apa pali phunziro la kasankhidwe: reshiyo imalowa m'chidule chifukwa choti ikuunikira ntchito ya kampani imeneyo, osati chifukwa choti ili m'buku la kusukulu.

Funso lenileni ndi lakuti mapaundi 2,270 miliyoni aja anali chiyani. Ndalama zenizeni zinali pafupifupi 470 miliyoni. Gawo lalikulu, pafupifupi 1,660 miliyoni, linali ndalama zimene kampani inkayembekezera kulandira kwa makasitomala ndi ena. Ndiye kuti pa mapaundi anayi alionse a chuma chimenechi, pafupifupi atatu anali asanafike m'manja. Tikagawa ndalama zenizenizo ndi ngongole za m'chaka timapeza 0.21, kutanthauza kuti pa mapaundi asanu alionse oyenera kulipidwa, imodzi yokha ndiyo inalipo. Nambala ziwirizi, 1.02 ndi 0.21, zikaikidwa pa mzere umodzi zimanena zambiri kuposa ndime yathunthu. Mpata wa pakati pawo wonse wadalira chinthu chimodzi: kodi makasitomala alipira?

Kodi ndalama zikubwera liti?

Reshiyo yachiwiri iyankhe funso limenelo. Timatenga ndalama zoyembekezeredwa, kuzigawa ndi ndalama zonse zomwe kampani inapanga pa malonda m'chakacho, n'kuchulukitsa ndi masiku 365. Malonda a Carillion m'chaka cha 2016, osawerengera ntchito zomwe inkagwira mogwirizana ndi makampani ena, anali pafupifupi mapaundi 4,400 miliyoni. Kugawa 1,660 ndi 4,400 n'kuchulukitsa ndi 365 kumapereka masiku pafupifupi 138. Ndiye kuti ndalama za miyezi inayi ndi theka ya ntchito zinali kunja.

Wolemba wosamala amanena malire a nambala imeneyi m'mawu ochepa. Mu 1,660 miliyoni muja simunali ma invoisi okhaokha amene makasitomala anavomereza. Pa ntchito yomanga chipatala kapena msewu, yomwe imatenga zaka, kampani imalemba phindu pang'onopang'ono malinga ndi m'mene ntchito yafikira, ndipo imalembanso ndalama zoonjezera zimene ikukhulupirira kuti kasitomala adzavomera kulipira chifukwa cha kusintha kwa mapulani kapena kuchedwa. Zina mwa ndalamazi ndi chiyembekezo cha akuluakulu a kampani, ndipo kasitomala akhoza kukana.

Izi n'zimene zinaonekera pa 10 Julaye 2017. Tsiku limenelo Carillion inalengeza kuti ikupatula mapaundi 845 miliyoni chifukwa cha makontrakiti amene sanayende bwino. Ena mwa makontrakiti ovutawo anali chipatala cha Royal Liverpool, chipatala cha Midland Metropolitan, msewu wozungulira mzinda wa Aberdeen ku Scotland, ndi ntchito ya Msheireb ku Doha m'dziko la Qatar. Mkulu woyendetsa kampaniyo, Richard Howson, anatula pansi udindo tsiku lomwelo.

Tibwerere ku 1.02 uja. Mapaundi 845 miliyoni onse atachotsedwa pa chuma, reshiyo ikhala 0.64. Onse atawonjezedwa ku ngongole za m'chaka, monga ndalama zofunika kuti ntchitozo zimalizidwe, ikhala 0.74. Chiwerengero chongoyerekezachi n'chokwanira kusonyeza kuti reshiyo yomwe inkaoneka yabwinobwino inaimira pa maganizo a anthu ochepa okhudza makontrakiti ochepa. Kuyesa kotere, kofunsa kuti nambala ikhala bwanji chinthu chimodzi chikasintha, kumangotenga mzere umodzi m'chidule, koma n'kumene kumamugwira mtima wowerenga.

Ngongole ya tsiku limodzi ndi ngongole ya chaka chonse

Umboni wachitatu ndi wa momwe kampani inkatsekera mpata. Mabuku a kumapeto kwa chaka amajambula tsiku limodzi lokha, ndipo kampani ikhoza kulikonzekera tsikulo pokakamiza makasitomala kulipira msanga ndi pochedwetsa malipiro ake mpaka Januwale. Pa 31 Disembala 2016, ngongole ya Carillion kwa mabanki ndi obwereketsa ena, titachotsapo ndalama zomwe inali nazo, inali mapaundi pafupifupi 219 miliyoni. Koma lipoti lomwelo linanenanso kuti ngongoleyi, poyitengera pakatikati m'chaka chonse, inali pafupifupi 587 miliyoni. Tikagawa 587 ndi 219 timapeza 2.7. Nambala ya pa tsiku lotsekera mabuku sinali kuimira moyo wa kampani wa masiku onse, ndipo reshiyo iliyonse yowerengedwa kuchokera pa tsiku limenelo, kuphatikizapo 0.21 uja, iyenera kuti inkaonetsa zinthu bwino kuposa momwe zinalili.

Panalinso ngongole ina yomwe sinkatchedwa ngongole. Carillion inkatha kudikiritsa ogulitsa katundu ndi makampani ang'onoang'ono oigwirira ntchito mpaka masiku 120. Amene sakanatha kudikira ankatha kulandira ndalama zawo msanga kudzera kubanki, ndipo Carillion inkadzabweza kubankiko pambuyo pake. Kunena zoona, imeneyi ndi ngongole ya kubanki, koma m'mabuku sinawerengedwe pamodzi ndi ngongole za kubanki. Kampani ya Moody's, yomwe imayesa kudalirika kwa obwereka ndalama, inanena kuti ndalama zimenezi zinkatha kufika mapaundi 498 miliyoni. Tikaziphatikiza ndi 219 miliyoni uja timapeza 717 miliyoni, kuposa katatu nambala yolengezedwa.

Mu nthawi yonseyi ndalama zinkatulukabe kupita kwa eni masheya. M'mwezi wa Juni 2017, mwezi umodzi chilengezo cha 845 miliyoni chisanatuluke, kampaniyo inawagawira mapaundi pafupifupi 55 miliyoni.

Mzere umodzi wokha ukufunika kuti tiyankhe funso la mavuto awiri aja. Kumapeto kwa 2016, chuma chotsala cha eni kampani ngongole zonse zitachotsedwa chinali mapaundi pafupifupi 730 miliyoni. Ndalama zopatulidwa mu Julaye zinaposa pamenepo. Komanso m'chuma cha kampaniyo munali mapaundi pafupifupi 1,570 miliyoni a gudiwilu, yomwe ndi ndalama yoonjezera imene inalipira pogula makampani ena, ndipo singagulitsidwe payokha kuti ilipire aliyense. Choncho vuto limene linayamba ngati kuchedwa kwa ndalama linali litafika kale pa kuchepa kwa chuma chenichenicho. Mu Januwale 2018 boma la Britain linakana kuipatsa thandizo lomwe inapempha.

Dongosolo la tsambalo

Zonsezi ziyenera kukwana m'mawu pafupifupi 250 kapena 300. Dongosolo lake ndi ili: yankho poyamba, kenaka ziganizo ziwiri zodziwitsa kampani ndi nyengo yomwe yafufuzidwa, kenaka maumboni atatu, kenaka malire a umboniwo, ndipo pomaliza zoyenera kuchita. Umboni uliwonse ukhale ndi mbali zitatu: nambala, chinthu choiyerekeza nacho, ndi tanthauzo lake m'mawu wamba. Nambala yopanda choiyerekeza nacho siuza munthu kanthu. Choyerekezeracho chikhoza kukhala chaka chapita, kampani ina ya ntchito yofanana, malire amene banki inaika mu mgwirizano wa ngongole, kapena, monga tachitira pano, nambala yomweyo itakonzedwa.

Chidule cholembera komiti ya kubanki yoona za ngongole chikhoza kuoneka motere:

“Carillion inagwa mu Januwale 2018 chifukwa phindu lomwe inkalemba pa makontrakiti silinkasanduka ndalama, ndipo mpatawo unkatsekedwa ndi ngongole zomwe mabuku a kumapeto kwa chaka sankazionetsa mokwanira. Pofika Julaye 2017 vutoli silinalinso la kuchedwa kwa ndalama kokha: mapaundi 845 miliyoni opatulidwa anaposa chuma cha eni kampani cha 730 miliyoni.

“Lipotili launika mabuku a 2016 ndi zilengezo za 2017. Lapeza zinthu zitatu. Choyamba, karenti reshiyo ya 1.02 inabisa kuti ndalama zenizeni zinali 0.21 ya ngongole za m'chaka. Ndalama zopatulidwazo zikawerengedwa, reshiyoyo imatsika kufika pakati pa 0.64 ndi 0.74. Chachiwiri, ndalama zoyembekezeredwa zinali zofanana ndi malonda a masiku 138, ndipo zina zinali zisanavomerezedwe ndi makasitomala. Chachitatu, ngongole ya pakatikati pa chaka inali kuwirikiza ka 2.7 ya pa tsiku lotsekera mabuku, ndipo pafupifupi 498 miliyoni yolipirira ogulitsa katundu kudzera kubanki sinawerengedwe ngati ngongole.

“Nambala ya 498 miliyoni ndi ya Moody's, ndipo inadziwika pambuyo pake. Mareshiyo okonzedwa ndi ongoyerekeza.

“Tikupempha komiti kuti pa makampani omanga amene tawabwereketsa, malire a ngongole aziyesedwa pa ngongole ya pakatikati pa chaka, ndalama zolipirira ogulitsa katundu kudzera kubanki ziziwerengedwa ngati ngongole, ndipo miyezi itatu iliyonse tizilandira mndandanda wosiyanitsa ndalama zomwe makasitomala avomereza ndi zomwe akutsutsa.”

Taonani kuti malangizo atatuwo akuyankha maumboni atatu aja. Langizo lomwe lilibe umboni wake pamwambapo, monga lakuti kampani iziyendetsedwa bwino, likhoza kulembedwa za kampani ina iliyonse, ndipo komiti singadziwe choti ichite nalo Lolemba m'mawa.

Zimene zimasokoneza chidule

Cholakwika chofala ndi kuthira mareshiyo khumi ndi awiri m'tebulo n'kumusiya wowerenga asankhe yekha. Ntchito yosankha ndi ya wolemba. Njira yodziwira ngati reshiyo ikufunika ndi kuifufuta n'kuwerenganso tsambalo. Ngati yankho la pamwamba likadali ndi mphamvu yomweyo, reshiyoyo inali yongodzadza malo.

Cholakwika chachiwiri ndi kugamula ndi malamulo oloweza, monga lakuti karenti reshiyo yabwino ndi 2. Sitolo yaikulu yogulitsa zakudya, imene imalandira ndalama tsiku lomwelo koma imalipira oipatsa katundu pakapita milungu, ikhoza kuyenda bwino ndi reshiyo yosakwana 1. Kampani ina ikhoza kukhala ndi 2 chifukwa choti nkhokwe zadzaza katundu wosagulika. Reshiyo imathanso kukwera pamene zinthu zikuipa, chifukwa ngongole za makasitomala osalipira zikamaunjikana, chuma cha m'buku chimakula.

Chachitatu ndi nzeru za pambuyo. Munthu amene akulemba kampani itagwa kale amaona chilichonse ngati chizindikiro. Chidule choona chimasiyanitsa zomwe wowerenga mabuku akanaziona mu Malichi 2017 ndi zomwe zinatuluka pambuyo pake. Kusiyana kwa 219 ndi 587 miliyoni, kuchuluka kwa ndalama zoyembekezeredwa ndi kukula kwa gudiwilu, zonsezi zinali m'lipoti la chaka, poyera. Kuipa kwenikweni kwa makontrakiti aja munthu wakunja sakanakuyeza. Kusiyanitsa kumeneku n'kofunika chifukwa malangizo amadalira pamenepo: pa zoyambazo mankhwala ndi kuwerenga bwino zomwe zilipo, pa zachiwirizo mankhwala ndi kufunsa zomwe sizinaperekedwe.

Chachinayi ndi kupatsa mareshiyo ntchito yomwe si yawo. Mareshiyo amasonyeza kumene ndalama zinatsekeredwa ndi kukula kwa mpata, koma sanena amene analakwa. Pa nkhani ya Carillion, mafunso a kulakwa anayankhidwa ndi ena: makomiti awiri a Nyumba ya Malamulo ya Britain anatulutsa lipoti lodzudzula akuluakulu a kampaniyo mu Meyi 2018, ndipo mu Okutobala 2023 bungwe loyang'anira ntchito yowerengera ndalama m'dzikolo linalipitsa KPMG, yomwe inkaunika mabuku a Carillion, chindapusa cha mapaundi pafupifupi 21 miliyoni. Wolemba akafuna kutchula zimenezi, anene amene anagamula. Asazilembe ngati zatuluka mu masamu ake.

Chidule chimalembedwa lipoti lonse litatha, ndipo chisanatumizidwe chiyesedwe m'njira ziwiri. Nambala iliyonse ya pa tsambalo ipezeke m'kati mwa lipoti, yofanana ndendende, pamodzi ndi kawerengedwe kake. Kenaka tsambalo liperekedwe kwa munthu amene sanaone lipotilo, awerenge kamodzi, alitembenuze, anene chomwe chinagwetsa kampani ndi chomwe komiti ikupemphedwa kuchita. Akatchula nambala koma n'kulephera kunena chifukwa chake, ziganizo ziwiri zoyambirira ziyenera kulembedwanso.